Akauzana zoona zonse, kodi vuto likadalipo?

## Madzulo aja ku Chibavi

Malume anga ndi munthu amene anthu amakonda kumusankha kukhala nkhoswe, chifukwa sayankha msanga ndipo samwa. Tsiku lina mu Juni, Mzuzu atazizira mpaka munthu kugona ndi jekete, anandiuza kuti ndiwaperekeze ku Chibavi kukamva nkhani ya achinyamata awiri amene chinkhoswe chawo chinali pafupi kulephereka. Ntchito yanga inali yowanyamulira ambulera ndi kukhala chete.

Tinakhala pabalaza, mbaula ili pakati. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri anayamba monga amayambira nthawi zonse, kufufuza wolakwa. Kodi pali wina amene walowerera? Ayi. Mnyamatayu wayamba kumwa? Ayi. Ndalama za chinkhoswe zadyedwa? Zinalipo zonse, mpaka kope lolembamo analitulutsa. Nanga apongozi anayankhulapo mawu oipa? Nawonso ayi.

Nkhani inali yakuti mtsikanayo anamaliza maphunziro a uphunzitsi kalekale, nakhala zaka akudikira kuti boma limulembe ntchito. Tsopano dzina lake linali litatuluka, ndipo anamutumiza kusukulu ina ya ku Rumphi. Mwezi womwewo, mkulu wake wa mnyamata, amene ali ku Joni, anamupezera malo pa shopu yowotcherera zitsulo, ndipo malowo sakanadikira. Mnyamata ankafuna kuti apite, mkazi amutsatire. Mtsikana sankafuna kutaya ntchito imene anaidikira ndi misozi kuti akakhale m'chipinda chimodzi kudziko la eni, wopanda mapepala ogwirira ntchito.

Malume anakanda kumutu, n'kufunsa kuti, "Ndiye ana inu, walakwa ndani?"

Mtsikana uja, maso ali pambaula, anati, "Palibe walakwa, malume. Awa akunena zoona, inenso ndikunena zoona."

Akuluakulu asanu, anthu ozolowera kuweruza za chigololo ndi za ndewu, anasowa poyambira. Wina anati tipemphere. Tinapemphera, tinamwa tiyi, tinabalalika nkhani ili momwemo. Ine ndimalemba nkhani zopeka, ndipo anzanga olemba amanditumizira zawo pa WhatsApp kuti ndiziwerenge. Kuchokera madzulo amenewo, nkhani iliyonse ya chikondi imene yandifika, yanga kapena ya mnzanga, ndimayamba ndaikhazika pabalaza paja.

## Muyeso wa pabalaza

Muyesowo ndi wophweka. Tengani anthu anu awiri, muwakhazike pamaso pa ankhoswe, aliyense anene zoona zonse popanda kubisa kanthu. Akamaliza, onani ngati vuto likadalipo.

Nkhani zambiri zimene ndimalandira zimagwa pomwepa. Mtsikana waona uthenga pafoni ya mnyamata wakuti "ndakusowa," osadziwa kuti walemba ndi mlongo wake. Mnyamata waona bwenzi lake litakwera galimoto ya bambo wina ku Katoto, osadziwa kuti ndi abwana a kuntchito. Mitu khumi yotsatira ndi ya kulira, kubulokana ndi kuyenda pamvula. Koma funso limodzi lokha, lakuti "kodi ameneyu ndani?", likadathetsa zonse pamutu wachiwiri. Wowerenga amaziona zimenezi. Amayamba kukwiyira anthu a m'nkhani chifukwa cha kupusa kwawo, kenako amakwiyira wolemba chifukwa chowagwira pakamwa.

Sindikuti kusamvetsetsana kulibe malo. Anthu amanamizana, amabisirana, amachita nsanje. Koma chobisikacho chikaululika, pansi pake payenera kupezeka vuto lina lolimba, limene kuulula sikungalisungunule. Awiri a ku Chibavi aja analibe chinsinsi chilichonse, ndipo n'chifukwa chake nkhani yawo inali yolemera.

## Tamanda ndi Wongani

Nkhani imene ndikulemba panopa ili ndi anthu awiri opeka, Tamanda ndi Wongani. Ndifotokoza mmene ndinawamangira, chifukwa malangizo opanda chitsanzo savuta kuvomera koma sathandiza.

Tamanda ndi namwino, kwawo ndi ku Mulanje, akugwira ntchito kuno ku Mzuzu ndipo amachita lendi ku Mchengautuwa. Wongani ndi kalipentala, ali ndi shedi ku Luwinga, kwawo ndi ku Euthini m'boma la Mzimba. Wowerenga wa kuno akangomva maboma awiriwo amadziwa kale kumene nkhani ikulowera: kwawo kwa mkazi ndi kwa chikamwini, kumene munda umayenda mwa ana aakazi ndipo mwini mbumba ndi atsibweni, pamene kwawo kwa mwamuna ndi kwa malowolo, kumene mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana ndi a kuchimuna.

Apa pali msampha. Ndi chapafupi kunena kuti chopinga ndi mwambo, n'kusiyira pomwepo. Koma aliyense wokhala mu Mzuzu amadziwa banja la Mtumbuka ndi Mlhomwe limene likukhala bwinobwino ku Katawa kapena ku Chiputula, ana akuyankhula zinenero zonse. Mwambo pawokha sungaletse anthu awiri a m'tauni amene ali ndi malipiro awo. Umayamba kuluma pokhapokha ukagwira chinthu chenicheni cha munthu ameneyu, osati cha mtundu wake wonse.

Choncho pa aliyense ndinadzifunsa mafunso atatu. Akufuna chinthu chanji chimene tingachiloze ndi chala? Chili ndi tsiku lanji lomalizira? Ndipo akachisiya, ndani wina amene avutike?

Tamanda ndi mwana wamkazi yekhayo. Nyumba ya mayi ake inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndipo iye ndiye anaimanganso pang'onopang'ono ndi malipiro ake. Mayiwo akudwala shuga, maso ayamba kuchita chidima. Pali munda wa banja, wosakwana ekala imodzi, ndipo ku Mulanje, kumene minda ya tiyi inatenga malo ambiri, kamunda kotero anthu amadana nako pachibale. Mwana wamkazi akapanda kubwerera, ana a mayi aang'ono ali tcheru. Tamanda anapempha transifa asanakumane n'komwe ndi Wongani. Kalata yamuyankha tsopano, ndipo ili ndi tsiku loti akayambe ntchito.

Wongani ndi woyamba kubadwa. Bambo ake anamwalira n'kumusiyira makina opalira matabwa, ngongole, ndi abale awiri amene akuwalipirira sukulu, wamng'ono ali Fomu 2. Shedi yake imayenda chifukwa anthu ogulitsa matabwa ochokera ku Chikangawa amamukhulupirira, amamupatsa pangongole n'kudzalipira oda ikatha. Chikhulupiriro chotere munthu sanganyamule pabasi. Akasamuka, fizi ya temu yotsatira palibe.

Taonani kuti zofuna zonse ziwiri zinalipo chikondi chisanabwere. Imeneyi ndi mfundo imene ndimaumirira kwambiri. Chofuna chimene chabadwa pamutu wachisanu, pamene wolemba wasowa chowalekanitsa, chimanunkha. Wowerenga ayenera kuona Tamanda akutumiza ndalama ya malata pafoni, ndi Wongani akukangana ndi wogulitsa matabwa za tsiku lolipira, asanaonane maso ndi maso. Akatero, tsiku limene awiriwa akusekerana koyamba, wowerenga amasangalala koma mtima uli m'mwamba, chifukwa iye akudziwa kale zimene iwo sanaziganizire.

## Chowakoka ndi chomwecho chowalekanitsa

Kusiyana zofuna pakokha kumabala mkangano, koma sikubala nkhani ya chikondi. Anthu awiri ofuna zosiyana akhoza kungogwirana chanza n'kusiyana. Chimene chimawamanga n'chakuti chifukwa chokondanacho chikhale chomwecho chimene chikuwatsekera njira.

Tamanda anakula akuona amuna akubwera n'kupita. Bambo ake anachoka iye ali wamng'ono, n'kukakwatira kwina. Chimene chinamugwetsa mwa Wongani si nkhope, koma tsiku limene anamuona akukana kugula foni yatsopano chifukwa mlongo wake amafunika ndalama ya mayeso. Anati mumtima, uyu sathawa anthu ake. Ndiye lero angamuuze bwanji kuti siya anthu ako unditsate? Wongani akavomera msanga, ndiye kuti si munthu uja Tamanda anamukonda.

Mbali inayo n'chimodzimodzi. Wongani anatopa ndi anthu omuona ngati thumba la ndalama. Tamanda ndi munthu woyamba amene anamvetsa katundu wa mwana wodaliridwa popanda kumufotokozera, chifukwa nayenso wasenza wake. Akamuuza kuti ng'amba kalatayo, akumupempha kuti akhale mwana wotaya mayi wake.

Mukafika apa, simufunikanso munthu woipa. Ndinali ndi mwayi woika mtsikana wina wa ku Euthini amene banja lamukonzera Wongani, kapena dokotala wolemera wofunsira Tamanda. Ndinawasiya onse. Wopikisana naye amasandutsa funso la nkhani kukhala "asankha ndani," pamene funso langa ndi "ataya chiyani." Ngakhale bambo aakulu a Wongani, amene asunga ng'ombe za malowolo ndipo sakufuna kumva zoti mwana wa mng'ono wawo akakhale mkamwini, sindinawalembe ngati chilombo. Iwo anaika maliro a mng'ono wawo, analonjeza pamanda kuti mudzi sudzatha, ndipo aona anyamata ambiri a ku Mzimba akupita ku Joni osabwerako. Akamayankhula, wowerenga ayenera kugwedeza mutu pang'ono, ngakhale asakugwirizana nawo.

## Zitseko zimene wowerenga aziyesa

Wowerenga wa nkhani ya chikondi sakhala phee. Akangomva vuto amayamba kupereka nzeru, monga amachitira anthu m'minibasi. Bwanji mayiwo asabwere ku Mzuzu? Bwanji azingoyenderana? Bwanji Wongani asatsegule shedi ku Mulanje? Mukapanda kuyankha mafunso amenewa, chopinga chanu chimaoneka chopangira dala. Ndipo kuyankha kwake si kulemba chiganizo chimodzi chakuti "zimenezo sizikanatheka." Anthu anu ayese njirayo pamaso pa wowerenga, iwakanike, ndipo kuyesako kuwadyere kanthu.

Njira yoyamba imene awiriwa akuyesa ndi kubweretsa mayi. Ndi nzeru ya Wongani, ndipo ndi iye amene akulipira thiransipoti. Mayi akufika mu Juni, chimanga atakolola, koma nandolo akadali m'munda. Mzuzu akuwalandira ndi mvula yowaza ndi chisanu cholowa m'mafupa. Tamanda akakhala pa naiti, mayi amatsala okha m'nyumba ya lendi, maneba akuwapatsa moni m'Chitumbuka iwo n'kumangomwetulira. Sadandaula, ndipo kusadandaulako n'kumene kukumupweteka mwana wawo. Kumudzi, msuweni wadzipereka kuti aziyang'anira nandolo. Akumuyang'aniradi, akumukolola, ndipo pofika Okutobala wagalauza mizere isanu ya m'malire ngati yake. Mayi akubwerera kwawo, koma mizere ija sibwerera popanda mlandu kwa amfumu.

Onani zimene mutu umenewu wachita. Palibe amene anachita choipa mwa awiriwa. Nzeru inali yabwino, yochokera m'chikondi. Koma tsopano munda wachepa, Tamanda ali ndi kamtima koti "nzeru yako ndiyo yatidyetsa," ngakhale sakunena, ndipo Wongani akudziwa kuti akuganiza zimenezo. Vuto lakula chifukwa choyesa kulithetsa.

Za kuyenderana sindinazipatse mutu wonse. Aliyense amene anakwerapo basi ya usiku kuchoka Mzuzu kupita ku Blantyre, mtunda wopitirira makilomita 600, n'kukakweranso minibasi ku Limbe, amadziwa kuti namwino wa mashifiti ndi kalipentala wa maoda sangachite zimenezo mwezi ndi mwezi. Ndime imodzi ya Wongani akuwerengetsa ndalama ya ulendo n'kupeza kuti ikudya fizi inakwanira. Chitseko chimene wowerenga akuchidziwa kale kuti n'chokhoma simuchedwapo.

## Mutu wa bedi

Chizindikiro chachikulu chakuti nkhani yaima ndi pamene anthu anu akukangana mkangano womwewo kawiri. "Tiye kwathu." "Sindingathe." Mutu wotsatira, mawu ena koma nkhani yomweyo. Ndimadziyesa chonchi: kumapeto kwa mutu uliwonse ndimalemba pambali chinthu chimodzi chimene chasintha ndipo sichingabwerere. Ndikasowa cholemba, mutuwo ndimauchotsa kapena kuuphatikiza ndi wina.

Chinanso n'chakuti anthu okondana, makamaka kwathu kuno, kawirikawiri satchula vuto ndi dzina lake. Amalizungulira, amayankhula za chinthu chimene chili pafupi. Mutu umene kalata ya transifa ikufika ndinauika mu shedi, Loweruka madzulo, anyamata ataweruka. Wongani wakhala akupanga bedi la m'nyumba yawo mobisa, ndipo lero akulivundukula. Kalata ili m'chikwama cha Tamanda, sanaitchule.

Tamanda akulisisita, akuliyamikira, kenako akufunsa, "Kodi limamasuka?"

"Kumasuka bwanji?"

"Ngati munthu utafuna kulinyamula."

Wongani akukhala chete, akupukuta m'manja ndi kansalu. "Ndinalumikiza ndi guluu. Za mabawuti zimayamba kulira pakapita chaka."

"Ndiye silingakwere basi."

"Sindinalipangire basi." Akuyang'ana chikwama chija. "Yabwera liti?"

"Lachitatu."

"Ndipo lero ndi Loweruka."

Palibe amene wanena kuti ndimakukonda kapena usandisiye. Koma chasintha chilipo, ndipo ndi ziwiri. Wongani wadziwa kuti kalata inagona masiku atatu m'chikwama iye osauzidwa. Tamanda wadziwa kuti mwamunayu, pamene ankati "tidzaona," manja ake anali atasankha kale, chifukwa kalipentala amene akuganiza zosamuka sapaka guluu. Aliyense wagwira mnzake ndi kabodza kakang'ono, kochokera m'mantha osati m'chinyengo. Kubisa kotere ndimakulola, chifukwa kukaululika vuto lenileni limaonekera bwino m'malo mosungunuka.

Ndinasankha bedi osati tebulo kapena kabati pa chifukwa chodziwikiratu, koma chinanso n'chakuti ndi chinthu cha ntchito yake. Munthu aliyense m'nkhani amaulula mtima wake kudzera m'zimene manja ake amadziwa. Tamanda nayenso, pamutu wina, akuyeza shuga wa mayi ake m'mawa n'kulemba nambala m'kabuku, ndipo Wongani akuona kuti kabukuko kali ndi mizere yojambuliratu mpaka chaka chamawa. Sanafunikire kuuzidwa kuti mkaziyu sadzasiya ntchito imeneyi m'manja mwa msuweni.

## Ndani alipire

Mathero ndi pamene olemba ambiri amabweza ndi dzanja lamanzere zimene anamanga ndi lamanja. Mayi amamwalira pa nthawi yake, Tamanda n'kumasuka. Bambo aakulu amalota maloto n'kusintha mtima. Wongani amapata tenda yaikulu ya madesiki, ndalama n'kuthetsa zonse. Mathero otere amauza wowerenga kuti chopinga chija sichinali chenicheni, chinangodikira kuti masamba akwane. Imfa ya mayi ndiyo imandinyansa koposa, chifukwa wolemba wapha munthu kuti awiri asasankhe.

Lamulo limene ndimatsata n'lakuti mapeto achokere m'chosankha cha anthu awiriwa, ndipo mtengo wake ukhale chimodzi mwa zinthu zimene tinaziloza ndi chala pachiyambi. Akhoza kukwatirana, akhoza kusiyana, zonse ndi nkhani. Chosaloledwa n'chakuti apeze zonse.

M'nkhani yanga Tamanda akupita pa tsiku la m'kalata. Wongani akutsala zaka ziwiri, mpaka wamng'ono uja atalemba mayeso a Fomu 4, ndipo zaka ziwirizo sindikuzidumpha ndi chiganizo chimodzi. Muli mafoni osayankhidwa, muli Khirisimasi imene ndalama ya ulendo inapita ku fizi, muli mwezi umene onse awiri akuganiza kuti zatha. Kenako akusiya shedi ndi makina a bambo ake m'manja mwa mng'ono wake, amene sadziwa kuyankhula ndi ogulitsa matabwa, n'kukayamba ngati waganyu mu shedi ya munthu wina pa Chitakale. Munthu amene anali bwana ku Luwinga akutumidwa kukagula misomali.

Tamanda naye akulipira. Kuti bambo aakulu alole, akuvomera kuti malowolo aperekedwe, ndipo atsibweni ake akumuuza mosapsatira tanthauzo lake: ana adzakhala a ku Euthini, choncho asayembekezere kuti mwana wake wamkazi adzalandira munda umene iye waumenyera nkhondo. Wasunga mayi ake, wasunga munda pa moyo wake, koma mzere wa amayi umene unamubweretsa kwawo uthera pa iye.

Nditapereka mitu yomalizayi kwa anzanga awiri, wa ku Mzimba anati ndamupondereza Wongani, mwamuna sangasiye makina a bambo ake chifukwa cha mkazi. Wa ku Zomba anati ayi, woluza ndi Tamanda, chifukwa shedi munthu amamanga ina koma mbumba sagula. Onse awiri anagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, kuti mng'ono wake wa Wongani akutulukira mochedwa, ndipo wowerenga sangamve kulemera kwa kumusiyira shedi ngati sanamuonepo akuwononga thabwa. Ndiye panopa ndabwerera ku mutu wachitatu, kukamuika mnyamatayo pa makina opalira, akulakwitsa muyeso wa chitseko cha kasitomala pamene mkulu wake wapita kukaperekeza Tamanda ku depoti.